Mutu 7: Kompyuta Ikakukanani Pakhomo, Mulembe Chiyani kwa a Zamakompyuta?

Pali uthenga wina umene a zamakompyuta, amene m'maofesi timangowatchula kuti a ayiti, amaulandira pafupifupi Lolemba lililonse m'mawa. Uthengawo umati: "Mwadzuka bwanji? Kompyuta ikukana. Thandizani msanga." Wolembayo sananame, ndipo sanachite mwano. Kungoti wolandirayo sangayambe ntchito ndi mawu amenewa. Ayamba kufunsa kuti ndi kompyuta iti, kenako adikire yankho. Afunsenso kuti ikukana ponena chiyani, adikirenso. Pomafika pa funso lakuti zayamba nthawi yanji, tiyi wa 10 koloko wapita kale, ndipo ntchito yomwe ikanatha m'mphindi zisanu yadya theka la tsiku.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pa nkhani ya kulephera kulowa mu kompyuta, wamva m'mimbayo ndinuyo, ndipo pali zinthu ziwiri zimene mukuziona inu nokha: mawu amene alembedwa pa sikirini, ndi nthawi imene alembedwa. Wa zamakompyuta ali ndi makiyi onse a nyumba, koma sanaone ziwirizi. Mutu uno ukufotokoza chifukwa chake ziwirizi zili zolemera kuposa china chilichonse chimene mungalembe, komanso mmene mungazilembere.

Mlonda ali kwina

Tiyambe ndi zimene zimachitika mukalemba dzina lolowera ndi pasiwedi. M'maofesi ambiri amene amagwiritsa ntchito Windows, kompyuta ya pa desiki panu si imene imagamula zoti mulowe. Imatumiza pempho lanu kudzera pa netiweki kwa seva imene imasunga maina a antchito onse, mu dongosolo lotchedwa Active Directory. Seva imeneyi ndiye mlonda weniweni. Imaona ngati dzinalo lilipo, ngati pasiwedi ikugwirizana, ngati akauntiyo sinatsekedwe, ndiponso ngati kompyuta imene ikupemphayo ndi ya m'nyumba momwemo. Zonse zikakhala bwino, imayankha kuti mulowe.

Choncho ulendo wa pasiwedi yanu uli ndi malo angapo opunthwirapo: zala zanu ndi kiyibodi, kompyuta yanu, netiweki, ndi akaunti yanu ku seva. Mawu akuti "ikukana" amakwana malo onsewa mofanana, n'chifukwa chake sathandiza. Koma mawu a pa sikirini amasiyana malinga ndi pamene ulendowo wathera. Taonani anayi awa, amene amaoneka kawirikawiri.

```
The user name or password is incorrect. Try again.
```

Apa mlonda wamva kugogoda, koma zimene mwanena sizikugwirizana ndi zimene ali nazo. Dziwani kuti uthengawu sunena ngati cholakwika ndi dzina kapena pasiwedi. Anaupanga dala motero, kuti wakuba asadziwe ngati dzina limene wayesa lilipodi.

```
The referenced account is currently locked out and may not be logged on to.
```

Apa nkhani yasintha. Akaunti yatsekedwa chifukwa pasiwedi yolakwika yayesedwa kambirimbiri mpaka kufika pa malire amene ofesi inaika. Ngakhale mutalemba pasiwedi yolondola, simulowa mpaka nthawi ya chilango ithe kapena wa zamakompyuta atsekule.

```
We can't sign you in with this credential because your domain isn't available.
```

Awa ndi mawu oyamba a uthenga wautali, ndipo akunena kuti kompyuta sinamupeze n'komwe mlonda. Pasiwedi yanu ingakhale yabwinobwino. Vuto lili panjira: chingwe cha netiweki chazuka, wayifayi sinalumikizike, kapena magetsi atabwera seva sinadzuke.

```
The trust relationship between this workstation and the primary domain failed.
```

Uwu sukukhudzani inu konse. Kompyuta nayo ili ndi pasiwedi yakeyake imene imadziwana nayo ndi seva, ndipo mwachizolowezi imaisintha yokha masiku 30 alionse. Ziwirizi zikasemphana, mwachitsanzo kompyuta ikabwezeretsedwa mmene inalili miyezi ingapo yapitayo, seva imasiya kuizindikira. Kusintha pasiwedi yanu sikungathandize kanthu.

Mauthenga anayi, matenda anayi, mankhwalanso anayi. Munthu akawaphatikiza onse n'kulemba kuti "ikuti pasiwedi ndi yolakwika", wa zamakompyuta amachita chimene wauzidwa: amapereka pasiwedi yatsopano. Ngati vuto linali chingwe, ndiye kuti tsopano muli ndi mavuto awiri, chingwe chozuka ndi pasiwedi yatsopano imene laputopu yanu sinaimvepo.

Koperani, musamasulire

Lamulo loyamba ndi lakuti mawu a pa sikirini alembedwe ndendende mmene alili, m'Chingerezi chake chomwecho, ngakhale uthenga wanu wonse uli m'Chichewa. Musawafupikitse, musawakonze, musawalembe kuchokera m'mutu patapita ola. Chifukwa chake chimaoneka bwino pa mawu awiri awa: `locked out` ndi `disabled`. M'Chichewa tonse tinganene kuti akaunti "yatsekedwa". Koma loyambalo ndi chitseko chimene chadzitseka chokha chifukwa cha kugogoda kolakwika, ndipo m'maofesi ambiri chimatseguka chokha pakapita mphindi zingapo. Lachiwirilo ndi chitseko chimene munthu wachitseka dala, mwina chifukwa kontirakiti yatha kapena akuganiza kuti akauntiyo yabedwa, ndipo sichingatseguke ngakhale mutadikira mwezi. Liwu limodzi la Chichewa labisa kusiyana kumene kumagamula ngati nkhaniyo ithere pa desiki la zamakompyuta kapena ipite kwa oyang'anira antchito.

Njira yosavuta ndi kujambula. Mukakhala kuti mwalowa kale mu kompyuta ndipo chikukana ndi imelo kapena pulogalamu ina, dinani `Windows + Shift + S` kuti mujambule mbali ya sikirini. Koma pakhomo polowera penipeni njira imeneyi sigwira, choncho jambulani ndi foni. Chithunzicho chimakusungiraninso nthawi imene mwajambula. Komabe lembaninso mawuwo ndi zala mu uthenga wanu, chifukwa wa zamakompyuta angathe kufufuza mawu olembedwa m'matikiti akale kuti aone ngati wina anakumanapo ndi zomwezo, pamene chithunzi amangochiyang'ana.

Ngati chikukana ndi tsamba la Microsoft pa intaneti, monga polowa mu imelo ya ku ntchito, nthawi zambiri pamakhala manambala ena amene anthu amawanyalanyaza poganiza kuti ndi zinyalala. Pamakhala nambala ya vuto, kenako `Request Id`, `Correlation Id` ndi `Timestamp`. Nambala `50126` imatanthauza kuti dzina kapena pasiwedi sizikugwirizana, `50055` imatanthauza kuti pasiwedi yatha nthawi yake, ndipo `50057` imatanthauza kuti akaunti inazimitsidwa. Koma `Correlation Id` ili ngati nambala ya lisiti. Ndi imeneyo wa zamakompyuta amapeza kugogoda kwanu kwenikweniko pakati pa kugogoda kwa anthu onse a pa ofesi. Ikopereni yonse, chifukwa chilembo chimodzi chikasowa lisitilo silipezeka.

Chifukwa chake "m'mawa" sikukwana

Mlonda uja ali ndi kaundula. Nthawi iliyonse imene wina wayesa kulowa, seva imalemba mzere, ndipo mzere uliwonse umakhala ndi nambala ya mtundu wake. Mu Windows, `4625` ndi mzere wa kulephera kulowa, ndipo `4740` ndi mzere wa akaunti imene yadzitseka. Chosangalatsa n'chakuti kaundulayu amanena zimene sikirini inakubisirani. Pamene inu munangouzidwa kuti dzina kapena pasiwedi ndi yolakwika, kaundula amasiyanitsa: `0xC0000064` ndiye kuti dzinalo kulibe, `0xC000006A` ndiye kuti dzina lilipo koma pasiwedi ndi imene yalakwika. Yankho lilipo ndithu, koma lili pakati pa mizere yambirimbiri, chifukwa makompyuta, mafoni ndi mapulinta amagogoda kwa mlonda tsiku lonse popanda munthu kudziwa.

Mukalemba kuti "m'mawa", mwamupatsa wa zamakompyuta maola asanu oti apete. Mukalemba kuti 7:45, mwamupatsa mphindi zochepa. Ndipo musachedwe kulemba, chifukwa kaundula ameneyu ali ndi malire. Akadzaza, mizere yatsopano imafufuta yakale. Ku mbali ya Microsoft pa intaneti, mbiri ya kulowa imasungidwa masiku 7 kwa amene ali pa dongosolo laulere, ndi masiku 30 kwa amene amalipira. Dandaulo la zimene zinachitika mwezi watha lingafike umboni utapita kale.

Pali msampha umodzi pa nkhani ya nthawi. Tsamba la Microsoft lingakuonetseni chonchi:

```
Timestamp: 2025-03-11T05:52:14Z
```

Inu mukuyang'ana wotchi ikuti 7:52, ndiye mukuganiza kuti makinawo asokonezeka. Sanasokonezeke. Chilembo `Z` kumapetoko chikusonyeza nthawi ya dziko lonse yotchedwa UTC, ndipo Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa ali patsogolo pa nthawi imeneyi ndi maola awiri chaka chonse. Musaikonze. Ikopereni mmene ilili, ndipo pambali pake lembani nthawi ya pa wotchi yanu. Ngati a zamakompyuta anu ali ku likulu la bungwe kudziko lina, nenani kuti nthawi imene mwalembayo ndi ya ku Malawi. Ku Britain, mwachitsanzo, amasuntha mawotchi kawiri pachaka, motero kusiyana kwawo ndi ife kumakhala maola awiri miyezi ina, ola limodzi miyezi ina.

Nthawi ingathenso kukhala vuto lenilenilo. Njira imene Windows imatsimikizira anthu, yotchedwa Kerberos, mwachizolowezi imalola kuti wotchi ya kompyuta isiyane ndi ya seva ndi mphindi zisanu zokha. Kompyuta yakale imene kabatire kake ka mkati kanatha ingadzuke magetsi atazima ili ndi tsiku la zaka zapitazo, ndipo zikatero kulowa kungakanike. Manambala asanu ndi limodzi a pa foni otsimikizira kuti ndinu, amene amasintha masekondi 30 alionse, amadaliranso wotchi ya foniyo. Choncho yang'anani nthawi imene ili pa sikirini yolowera ndi kuiyerekeza ndi ya pa foni. Zikasiyana, lembani zimenezo. Mzere umodzi umenewo ungathetse nkhani yonse.

Zoyesa musanalembe, ndi pamene muyenera kulekera

Pali zinthu zitatu zoyenera kuona, ndipo sizitenga mphindi ziwiri. Choyamba ndi `Caps Lock` ndi `Num Lock`. Chachiwiri ndi mtundu wa kiyibodi umene wasankhidwa pakona ya sikirini. M'maofesi mwathu muli makompyuta ochokera uku ndi uku, ndipo kiyibodi ya ku Britain ndi ya ku America sizigwirizana pa zizindikiro zina. Kudina `Shift + 2` kumatulutsa `@` pa ya ku America, koma `"` pa ya ku Britain. Ngati pasiwedi yanu ili ndi `@`, mungailembe molondola kakhumi koma ikufika yolakwika. Kuti muone, dinani kachizindikiro ka diso kamene kali m'bokosi la pasiwedi, pamene palibe wina akukusuzumirani.

Chachitatu ndi kulekanitsa munthu ndi makina. Pemphani mnzanu ayese kulowa pa kompyuta yanu ndi akaunti yake, inunso muyese kamodzi pa yake. Iye akalowa pa yanu koma inu mukakanidwa pa yake, vuto lili pa akaunti yanu. Nonse mukakanidwa pa yanu koma mukalowa pa yake, vuto lili pa kompyutayo kapena chingwe chake. Nonse mukakanidwa paliponse, nkhaniyo ndi ya ofesi yonse, ndipo ndi bwino kuimba foni m'malo molemba.

Zikatha izi lekani. Pasiwedi ikakanidwa kawiri kapena katatu, musapitirize kuyesa zonse zimene munagwiritsapo ntchito chilowereni ntchito. Ofesi iliyonse imaika malire ake, ena kasanu, ena kakhumi, ndipo kuyesa kulikonse kolakwika kumawerengedwa. Mukapitirira, mumasandutsa uthenga woyamba uja kukhala wachiwiri, ndipo vuto loyamba limakwiririka pansi pa vuto limene mwadzipangira nokha. Ngati zachitika kale, nenani chilungamo kuti munayesa kangati. Palibe amene akudzudzuleni. Wa zamakompyuta akufuna nambalayo kuti awerengere: inu mukati munayesa kawiri koma kaundula akuonetsa kasanu, ndiye kuti katatu kenako kakuchokera kwina, ndipo kumeneko n'kumene kuli nkhani.

Nkhani ya akaunti yodzitseka m'mawa uliwonse

Tiyerekeze mayi wina wa ku ofesi ya maakaunti, pa bungwe limene akaunti imadzitseka pasiwedi ikalakwika kasanu, n'kutseguka yokha pakapita mphindi 30. Lolemba m'mawa anakanidwa. Anapita kukamwa tiyi, pobwera analowa bwinobwino, n'kuiwala. Masana atabwera kokadya anakanidwanso. Lachiwiri m'mawa zitachitikanso kachitatu, anakhala pa kompyuta ya mnzake n'kulemba chonchi:

Mutu: Akaunti `acc07` ikudzitseka yokha, katatu kuyambira Lolemba pa 10 Malichi

Mwadzuka bwanji bambo,

Ndikulephera kulowa mu kompyuta yanga ya pa desiki, `FIN-PC-07`, ku ofesi ya maakaunti. Dzina langa lolowera ndi `acc07`. Ndikalemba pasiwedi pa sikirini yoyamba ya Windows pakubwera mawu awa, ndipo chithunzi ndaphatikiza:

```
The referenced account is currently locked out and may not be logged on to.
```

Zachitika motere, nthawi ya pa foni yanga, imene ikugwirizana ndi ya pa kompyuta. Lolemba pa 10 Malichi, 7:45 m'mawa, ndinakanidwa. 8:20 ndinalowa ndi pasiwedi yomweyo. Lolemba lomwelo, 1:40 masana, ndinakanidwa, 2:15 ndinalowa. Lero Lachiwiri pa 11 Malichi, 7:50 m'mawa, ndakanidwanso. Maulendo onse atatu mawuwa abwera pa kuyesa koyamba, sindinalakwitse pasiwedi ngakhale kamodzi. Lachisanu ndinalowa tsiku lonse popanda vuto.

Mnzanga walowa bwinobwino pa kompyuta yanga. Ine ndayesa pa yake nthawi ya 7:55, pabwera mawu omwewo. Pasiwedi sindinasinthe mwezi uno. Chimene chasintha n'chakuti foni yanga ili kokonzetsa, ndiye kuyambira Lolemba ndikuyenda ndi yakale imene inali kunyumba kuyambira chaka chatha. Kaya zikukhudzana, koma ndati ndinene.

Ndikuyenera kutumiza malipiro a antchito isanakwane 12 koloko lero. Popeza imelo yanga sindikuiona, mundipeze pa foni ya pa desiki kapena muyankhe pa imelo ya mnzangayi.

Zikomo kwambiri.

Tsopano tiyeni tikhale kumbali ya wolandira. Asanatsekule n'komwe uthengawo, mutu wake wamuuza akaunti, vuto ndi tsiku. Mawu a pa sikirini amuuza kuti netiweki ili bwino, chifukwa kompyuta yafika kwa mlonda n'kubwera ndi yankho. Kuyesana ndi mnzake kwachotsa kompyuta pa mlandu. Kutsala akaunti. Ndiye pali chiganizo chija chakuti mawuwa abwera pa kuyesa koyamba. Akaunti sidzitseka pa kugogoda kumodzi. Ngati mayiyo anaipeza yotseka kale, ndiye kuti pali wina kapena china chimene chinagogoda kasanu iwo asanakhale pampando.

Nthawi zija zikuloza komweko. Chilango ndi mphindi 30, ndipo Lolemba anakanidwa 7:45 n'kulowa 8:20, motero chitseko chinatsekeka pakati pa 7:15 ndi 7:45. Wa zamakompyuta akutsekula kaundula pa theka la ola limeneli lokha, n'kupeza mzere `4740` wa `acc07` pa 7:38. Masana akuupeza pa 1:34, Lachiwiri pa 7:43. Maulendo onse ndi mphindi zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziwiri mayiyo asanafike pa desiki, ndiye kuti ndi nthawi imene amalowa pageti n'kudutsa polandirira alendo. Loweruka ndi Lamulungu palibe kanthu, usiku palibe kanthu. Wakuba wa pa intaneti sadikira kuti mwini akaunti atsike minibasi. Chogogodachi chimabwera ndi mayiyo.

Mzere `4740` uli ndi malo otchedwa `Caller Computer Name`, osonyeza kumene kugogodako kunachokera. Pa nkhani iyi pakuoneka dzina la seva imene imatsimikizira anthu olowa pa wayifayi ya ofesi, osati `FIN-PC-07`. Pa ofesi imeneyi wayifayi ya antchito imafuna dzina lolowera ndi pasiwedi ya munthu aliyense payekha. Foni yakale ija inasunga pasiwedi ya chaka chatha, imene yasinthidwa kangapo chichokereni nthawi imeneyo. Ikangomva wayifayi ya ofesi imayesa kulowa, ikakanidwa imayesanso, mpaka kasanu kakwana mayiyo akupatsabe anthu moni. Kenako imatopa n'kusiya, kudikira kuti atuluke ndi kubweranso.

Mankhwala ake anali a mphindi zitatu: kutsekula akaunti, kuuza foniyo iiwale wayifayi ya ofesi, n'kulowanso ndi pasiwedi ya lero. Taganizani uthengawo ukanangoti "kompyuta ikukana". Wa zamakompyuta akanatsekula akauntiyo, mwina n'kupereka pasiwedi yatsopano, tikiti n'kutsekedwa. Masana foni ikanagogodanso. Pofika Lachinayi mayiyo akanayamba kunena kuti a ayiti sadziwa ntchito, a ayiti nawo akunena kuti mayiyo amaiwala pasiwedi, pamene wolakwa ali phee m'chikwama.

Onaninso mmene mayiyo ananenera za foni. Sanalembe kuti foni ndi imene ikuyambitsa, ndipo sanalembe kuti seva yawonongeka. Anangonena chimene chasintha, n'kusiyira mwini ntchito kugamula. Zimene mwaona ndi zimene mukuganiza zisasakanizike. Mukalemba maganizo anu ngati umboni, mumatumiza munthu kukakumba pamene palibe mbewa. Zosintha zoyenera kutchula ndi monga izi: mwasintha pasiwedi posachedwa, mwabwera kutchuthi, mwasamukira pa desiki lina, magetsi anazima, kapena munalowa pa kompyuta ya m'chipinda cha misonkhano n'kuchoka osatuluka mu akaunti.

Zosayenera kulowa mu uthenga

Pasiwedi yanu isalembedwe mu uthenga, ngakhale yakale, ngakhale imene mukuti yasiya kugwira. Wa zamakompyuta saifuna, chifukwa ali ndi mphamvu yoika yatsopano popanda kudziwa yakaleyo. Tikiti imawerengedwa ndi anthu angapo ndipo imasungidwa nthawi yaitali. Chimodzimodzinso manambala a pa foni otsimikizira kuti ndinu. Munthu akakuimbirani n'kunena kuti ndi wa zamakompyuta ndipo akufuna pasiwedi kapena manambalawo kuti akuthandizeni, dulani foniyo n'kuimba nokha pa nambala ya desiki imene mukuidziwa. Musanatumize chithunzi, onetsetsani kuti pasiwedi sikuoneka m'bokosi, ndiponso kuti m'mbali mulibe mndandanda wa malipiro kapena maina a makasitomala.

Pali nthawi imodzi imene kulemba n'kudikira si koyenera. Foni yanu ikayamba kukufunsani kuti muvomereze kulowa pamene inu simukuyesa kulowa paliponse, kapena ngati vutoli layamba mutangolemba pasiwedi pa tsamba limene linabwera ndi imelo yachilendo, imbani nthawi yomweyo, ndipo musavomereze pempholo. Zikatero n'kutheka kuti wina ali ndi pasiwedi yanu. Nenani nthawi imene munadina ndi zimene munalemba, osachita manyazi, chifukwa nthawi imeneyo ndi imene idzawauze poyambira kufufuza zimene zakhudzidwa.

Za changu nazo zimafuna kunenedwa mwa manambala. Aliyense amalemba kuti "msanga", moti liwuli linatha mphamvu. Koma "malipiro isanakwane 12 koloko" kapena "tonse asanu a ku maakaunti takanidwa" zimathandiza munthu amene ali ndi matikiti makumi awiri kusankha woyamba. Tumizaninso pakhomo limodzi. Mukalemba imelo, n'kutumizanso uthenga pa foni kwa mnyamata wa ku ayiti amene mumadziwana naye, n'kuuzanso abwana, pangathe kutuluka matikiti atatu, ndipo anthu awiri angakusinthireni pasiwedi motsatizana, wachiwiri n'kupha ya woyamba.

Chomaliza ndi chimene ambiri amaiwala pa nthawi ya mavuto: dzina la kompyuta. Nthawi zambiri limakhala pa kapepala komatidwa pa makinawo. Ngati palibe, lero lomwe pamene mukulowa bwino, tsekulani `Command Prompt` n'kulemba malamulo awiri awa:

```
hostname
whoami
```

Loyamba likuuzani dzina la kompyuta, lachiwiri dzina lanu lolowera mmene seva imalidziwira. Lembani ziwirizi m'kabuku kanu, pamodzi ndi nambala ya foni ndi imelo ya desiki la zamakompyuta, chifukwa tsiku limene mudzazifune mudzakhala muli kunja kwa chitseko. Ndipo tsikulo likadzafika, musanadine `OK` kuti uthenga wa pa sikirini uchoke, tengani foni, jambulani, yang'anani wotchi.